Kuwerengera Mphamvu ya Nsanamira pa Bimu ya Kantiliva Yochirikizidwa: Thandala la Thanki ku Kapata, Chipata

Thandala ili likumangidwa kuseri kwa shopu ina ku Kapata, ndipo likhala pa mabimu awiri achitsulo ofanana. Tiwerengera imodzi. Mbali ina ya bimuyo, yomwe tiitcha A, yamangiriridwa zolimba ku chipilala cha konkire cha nyumbayo, moti siingatsike komanso siingatembenuke. Mbali inayo, B, yangotsamira pamwamba pa nsanamira ya paipi yachitsulo. Nsanamirayi imaletsa bimu kutsika koma siyiletsa kupendekeka.

Miyezo ndi katundu:

```
L  = 4.0 m
w  = 5 kN/m
P  = 10 kN,  a = 3.0 m,  b = 1.0 m
UB 203x133x25:  I = 2340 cm⁴,  Z = 230 cm³
E  = 200 kN/mm²
EI = 4680 kNm²
```

Katundu wofalikira w akuphatikiza matabwa a thandala, anthu okwerapo ndi kulemera kwa bimu yeniyeniyo, komwe ndi pafupifupi 0.25 kN/m. Katundu wa pamalo amodzi P akuchokera ku thanki la malita 2000: madzi ndi 19.6 kN, thanki lopanda kanthu talipatsa 0.4 kN, zonse pamodzi 20 kN, ndipo bimu iliyonse ikusenza theka. Thankilo lili pa mtunda a wa mamita 3 kuchokera ku A, ndi mtunda b wa mita imodzi kuchokera ku B, pa bimu yotalika L. EI ndi kulimba kwa bimu pokana kupindika. Manambalawa sanachulukitsidwe ndi mafakitala a chitetezo, chifukwa pano tikufuna kuona mmene bimu ikhalire ikamagwira ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chake sitatikisi payokha siikwana

Pa A pali zosadziwika zitatu: mphamvu yoimirira, mphamvu yopingasa ndi momenti. Pa B pali imodzi. Zonse zinayi, pamene maikweshoni a kukhazikika alipo atatu okha. Mphamvu yopingasa ndi ziro popeza palibe chokankha cham'mbali, choncho tatsala ndi zosadziwika zitatu pa maikweshoni awiri. Imodzi yapitirira, ndipo iyi ndi imene timaitcha ridandanti. Tasankha R_B, mphamvu ya nsanamira, chifukwa tikaichotsa patsala kantiliva wamba, bimu yogwiridwa mbali imodzi yokha, amene mafomula ake a kutsika ali m'buku lililonse la masitirakicha.

Ikweshoni yosowayo ichokera ku maonekedwe a bimu, osati ku mphamvu: nsonga ya B siyenera kusuntha. Njira ya supapozishoni imatilola kuwerengera katundu aliyense payekha kenako n'kuphatikiza zotsatira, bola chitsulo chisapyole malire amene chimabwerera mwakale chikapindidwa, ndiponso kutsika kukhale kochepa poyerekeza ndi kutalika kwa bimu.

Chotsani nsanamira

Tiyerekeze kuti nsanamira kulibe. Tifuna kudziwa kuti nsonga ya B ingatsike bwanji. Kutsika tikuwerenga ngati nambala yoposa ziro. Katundu wofalikira ndi wosavuta:

```
δ1 = wL⁴/8EI = (5 × 4⁴)/8EI = 160/EI
```

Thanki ndi pamene ambiri amaphonya. Silili kunsonga, lili mita imodzi chakumbuyo. Kuchokera ku A kufika pa thanki bimu imapindika, koma kuchokera pa thanki kufika ku B, ngati tikuona katundu P yekha, palibe momenti, ndiye chigawo chimenecho chimakhala chowongoka ndipo chimangotsatira kupendekeka komwe bimu ili nako pansi pa thanki. Kutsika kwa B kotero kuli pawiri: kutsika kwa pansi pa thanki, ndi kupendekeka kuchulukitsa ndi b.

```
Pa³/3EI       = (10 × 27)/3EI    = 90/EI
(Pa²/2EI) × b = (10 × 9/2EI) × 1 = 45/EI
δ2 = Pa²(3L − a)/6EI = 135/EI
```

Woiwala gawo lachiwirilo amapeza 90 m'malo mwa 135, ndipo nsanamira yake imatuluka ndi 11.72 kN, yochepa ndi makilonyutoni oposa awiri. Masamu ake onse otsatira amaoneka aukhondo ndipo mphamvu zimalingana bwinobwino, n'chifukwa chake cholakwikachi chimavuta kuchigwira.

```
δ0 = δ1 + δ2 = 295/EI = 295/4680 = 0.0630 m = 63.0 mm
```

Mamilimita 63 awa ndi a papepala chabe. Bimu yopanda nsanamira ikanakhala ndi momenti ya 70 kNm pa A, kutanthauza sitiresi ya 304 N/mm², yomwe yapitirira 275 N/mm² ya chitsulo cha S275. Izi sizisokoneza njira yathu, chifukwa chofunika n'chakuti bimu yeniyeni, katundu yense ataphatikizidwa, ikhale m'malire. Koma pamalo a ntchito nambalayi ili ndi tanthauzo: nsanamira isachotsedwe thanki lili ndi madzi, ngakhale kwa kanthawi kosinthira chabe.

Bwezerani nsanamira

Tsopano chotsani katundu yense, musiye R_B yokha ikukankha nsonga m'mwamba.

```
δR = R_B L³/3EI = 21.333 R_B/EI
```

Pa bimu iyi kilonyutoni iliyonse imakweza nsonga ndi 4.56 mm. Nambala imeneyi tiigwiritsanso ntchito kutsogoloku. Popeza B siisuntha, kukwera kuyenera kufanana ndi kutsika:

```
295/EI − 21.333 R_B/EI = 0
R_B = 13.83 kN
```

EI yachoka mbali zonse ziwiri. Ngati bimu ili yofanana kukula kuyambira ku A mpaka ku B ndipo nsanamira siitsika, mphamvu ya nsanamira siidalira kuti bimuyo ndi yachitsulo, yakonkire kapena yathabwa. Mwa 13.83 kN imeneyi, katundu wofalikira wapereka 3wL/8, yomwe ndi 7.50 kN, ndipo thanki lapereka 6.33 kN.

Zotsalazo, R_A ndi M_A, mphamvu yoimirira ndi momenti ya pa A, ndi sitatikisi wamba. Katundu wofalikira yense, wL, ndi 20 kN, ndipo pakati pake ndi mamita 2 kuchokera ku A:

```
R_A = 20 + 10 − 13.83 = 16.17 kN
M_A = (20 × 2) + (10 × 3) − (13.828 × 4) = 14.69 kNm
```

Powerengera M_A sungani madesimali atatu pa R_B, chifukwa tikuchotsa manambala awiri akuluakulu oyandikana, 70 ndi 55.31, ndipo kadontho kochepa kamakula msanga. Momenti ya pa A imakoka chitsulo cha pamwamba pa bimu.

Shiya imayamba pa 16.17 kN pa A, n'kumachepa ndi 5 kN pa mita iliyonse mpaka 1.17 kN pafupi ndi thanki. Pamenepo imadumpha kufika pa −8.83 kN, n'kukathera pa −13.83 kN pa B, zomwe zikugwirizana ndi R_B. Popeza shiya yadutsa ziro pansi pa thanki penipeni, momenti yaikulu yokoka chitsulo cha pansi ili pomwepo: 13.83 × 1 − 5 × 0.5, yomwe ndi 11.33 kNm. Momenti imasintha mbali pa mamita 1.09 kuchokera ku A. Kuchokera ku A kufika pamenepo fulanje ya pansi ndi imene ikufinyidwa, ndipo matabwa a thandala, omwe agwira fulanje ya pamwamba yokha, sakuiteteza kuti isakhotere kumbali. Sitiresi yaikulu ndi 14.69 × 10⁶ kugawa ndi 230 × 10³, pafupifupi 64 N/mm².

Kutsimikiza mwa njira ina

Kuona ngati mphamvu zikulingana sikutsimikizira kanthu, chifukwa R_A ndi M_A tazipeza kuchokera ku R_B yomweyo. Chitsimikizo chenicheni n'kusankha ridandanti ina. Masulani momenti ya pa A, bimu ikhale yongotsamira mbali zonse ziwiri, ndipo funani kuti kupendekeka kwa pa A kukhale ziro.

```
wL³/24EI       = 13.333/EI
Pab(L+b)/6LEI  =  6.250/EI
M_A L/3EI      =  1.333 M_A/EI
M_A = 19.583/1.333 = 14.69 kNm
```

Zagwirizana.

Nsanamira ikatsika

Yankho la 13.83 kN layima pa mawu awiri amene tinangovomereza: B siitsika, A siitembenuka. Pa awiriwa, loyamba ndi limene nthaka ya kuno imalitsutsa kawirikawiri. Maziko a nsanamira nthawi zambiri amakhala kakonkire kochepa kothiridwa pa dothi lokwirira kuseri kwa nyumba, pomwe madzi a padenga ndi osefukira m'thanki amathera. Mvula ikakhazikika kuyambira Disembala, dothi lotere limanyowa n'kukhala pansi, pamene chipilala cha nyumba, chomwe maziko ake ndi akuya, chili chikhalire. M'malo a dambo vutoli limakulirapo.

Kufupika kwa paipi yeniyeniyo si nkhani. Paipi ya 88.9 × 4 mm yotalika mamita 3 imafupika ndi 0.2 mm yokha. Tiyese maziko otsika ndi 10 mm. Apa kutsika ndi kukwera sizifanananso, zisiyana ndi Δ, kutsika kwa maziko, ndipo EI siichokanso:

```
295/EI − 21.333 R_B/EI = Δ = 0.010 m
R_B = (295 − 46.8)/21.333 = 11.63 kN
M_A = 70 − (11.634 × 4) = 23.46 kNm
```

Nsanamira yapepukidwa ndi 2.19 kN chabe, koma momenti ya pa A yakwera kuchoka pa 14.69 kufika pa 23.46 kNm, pafupifupi 60 peresenti, chifukwa kilonyutoni iliyonse imene nsanamira yasiya imakafika ku A itachulukitsidwa ndi mamita anayi. Bimu yokha ipirira, sitiresi yake ndi 102 N/mm². Nkhawa ili pa mabawuti a pamwamba a pa A ndi pa konkire imene yawagwira. Dziwaninso kuti kugula bimu yokulirapo sikuthetsa vutoli: EI ikakula, kutsika komweko kwa 10 mm kumachotsa mphamvu yochuluka pa nsanamira, ndipo A imavutika koposa.

Zomwezi zimachitika amisiri akasiya mpata pakati pa bimu ndi mutu wa nsanamira. Mpata wa 3 mm ndi Δ ya 3 mm. Akakhomera mphero mopitirira n'kukweza nsonga ndi 5 mm, R_B imawonjezeka ndi 1.10 kN ndipo M_A imachepa ndi 4.4 kNm. Nsanamira yoikidwa katundu atakhala kale pa bimu imangosenza katundu wobwera pambuyo pake, pokhapokha nsonga itayamba yakwezedwa ndi jeke kubwerera pa levulo.

A ikapanda kugwira

Bimu yongolowetsedwa m'khoma la mabuloko n'kumatidwa ndi matope a simenti sitingaiwerenge ngati yomangiriridwa. Khoma limang'ambika pamwamba pa bimu, A imatembenuka, ndipo momenti ya pamenepo imatsikira ku ziro. Zikafika pamapeto penipeni bimu imakhala yongotsamira: R_B ifika pa 10 + 7.5, ndiye 17.5 kN, ndipo momenti ya m'kati ikwera kufika pa 15.63 kNm pa mamita 2.5 kuchokera ku A. Bimu yeniyeni idzakhala penapake pakati pa zochitika ziwirizi, kutengera kulimba kwa puleti, mabawuti ndi chipilala.

Manambala opita nawo pa kapangidwe

Nsanamira ndi maziko ake ziwerengeredwe pa 17.5 kN, osati 13.83. Pa maziko a 0.5 × 0.5 m zimenezi ndi 70 kN/m², osawerengera kulemera kwa konkire, ndipo akumbidwe mpaka pa dothi lolimba losakwiriridwa. Cholumikizira cha pa A, pamodzi ndi chipilala, chiwerengeredwe pa momenti ya 23.5 kNm ndi shiya ya 18.4 kN, zomwe zikubwera nsanamira ikatsika ndi 10 mm. M'kati mwa bimu gwiritsani ntchito 15.6 kNm. Mafakitala a katundu aikidwe pa w ndi P payekhapayekha musanasankhe mabawuti ndi weludi. Paipi yotaya madzi osefukira ikathere kutali ndi maziko, ndipo levulo ya B iyezedwe thanki lisanadzazidwe, litadzazidwa, komanso mvula ikatha mu Epulo.