Kalata yopempha ntchito ya woyendetsa za mu ofesi ya pulojekiti ku Bangula

Kwa Mkulu wa Pulojekiti,
Ofesi ya ku Bangula, Nsanje

Wolemekezeka,

Ndikupempha ntchito ya woyendetsa za mu ofesi imene mwalengeza pa pulojekiti yanu yothandiza mabanja okhudzidwa ndi madzi osefukira m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nsanje. Ndaphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kuyambira mu 2020 ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu.

Mukaona mawu oti mphunzitsi pa CV yanga mwina muganiza za choko ndi bolodi. Koma gawo lalikulu la ntchito ya wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu limachitikira mu ofesi, ndipo ndi lomwelo limene mwalemba pa chilengezo chanu: kusunga mafayilo, kulondola ndalama, kukonza misonkhano ndi kutumiza malipoti pa nthawi yake.

Ndiyambe ndi ndalama. Sukulu yathu ikalandira thandizo la boma la SIG, ndine ndimakhala pansi ndi komiti ya sukulu ndi makolo kulemba bajeti motsatira pulani imene tinagwirizana. Tisanagule kanthu, kaya ndi malata, simenti kapena makope, ndimatenga makoteshoni kwa ogulitsa atatu. Lisiti lililonse ndimalimata pa tsamba lake m'buku la ndalama, ndi kulembapo tsiku, chimene chagulidwa ndi dzina la amene walandira katunduyo. A PEA, alangizi a zamaphunziro a m'dera lathu, akabwera kudzayendera amapeza bukulo likugwirizana ndi zimene zili mu sitolo. Ufa wa phala la ana ndimausunga mwanjira yomweyo: matumba olowa, matumba otuluka, ndi siginecha ya mayi amene akuphika tsikulo.

Pamene ndinadziwa kuti ntchito ngati yanuyi ndingaithe ndi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasandutsa sukulu yathu kampu. Usiku umodzi wokha makalasi onse anadzaza anthu. A komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi anandipempha kuti ndigwire kaundula, poti ndine ndinali ndi makiyi ndi mabuku. Ndinalemba banja ndi banja, mudzi wochokera, mfumu yawo, ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba ndi aulumali. M'mawa uliwonse ndinkayenda kalasi ndi kalasi kuwongola kaundulayo, chifukwa ena ankafika pomwe ena ankapita kwa abale kumtunda. Galimoto ya ufa ikafika tinkaitana maina ndi nyakwawa ali pompo, aliyense n'kusaina kapena kudinda chala. Anthu a njala sachedwa kukayikira wogawa, n'chifukwa chake mndandandawo ndinkaumata pa chitseko cha ofesi kuti amene wasiyidwa adandaule kusanayambe kugawa. Kwa ine kaundula wolondola ndi chilungamo kwa banja limene latsala ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo sindimutenga ngati ntchito yaing'ono.

Misonkhano ndinaizolowera. Ndimaitana ndi kulemba maminitsi a komiti ya sukulu, PTA ndi gulu la amayi oyang'anira atsikana. Ndimayankhula Chisena, Chimang'anja ndi Chingerezi, choncho ndingathe kumva dandaulo pa bwalo la mfumu m'mawa, madzulo n'kulilemba mu lipoti la ku ofesi osasintha tanthauzo lake. Derali ndimalidziwa. Nyengo ya mvula ndimadziwa kuti msonkhano wa ku Makhanga suyenera kukonzedwa osafunsa kaye za Shire ndi Ruo, ndiponso kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala anthu uwakumanitse m'mawa dzuwa lisanakule.

Pa kompyuta ndimagwiritsa ntchito Word ndi Excel tsiku ndi tsiku. Ziwerengero za ophunzira, zotsatira za mayeso ndi malipoti a pa teremu ndimazikonza ndine. Mafomu a ndalama a bungwe lanu ndi malamulo a omwe amakuthandizani zidzakhala zatsopano kwa ine, ndipo ndakonzeka kuziphunzira mofulumira ndikangoyamba.

Uphunzitsi ndimaukonda. Chimene chandikokera kwa inu n'chakuti madzi a mu 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy onse ndawaona akutulutsa ana m'kalasi, ena osabwereranso. Ndikufuna kugwira ntchito kumene kumathandiza makolo a anawa kuimanso pa okha.

Ndaphatikiza CV, satifiketi ya MSCE, ya uphunzitsi, ndi makalata ondichitira umboni ochokera kwa mphunzitsi wamkulu ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Nambala yanga ya foni ili pa CV. Ndingabwere ku Bangula tsiku lililonse limene mungandiitane, ndipo ndidzabwera ndi chitsanzo cha buku la ndalama ndi lipoti la pa teremu kuti muone kalembedwe kanga. Mukandisankha, ndingayambe ntchito teremu ino ikatha, kuti ana anga a Sitandade 8 ndiwafikitse kaye pa mayeso.

Ine wanu,
Esinati Alufandika