Mmene Galimoto Zoyamba Zinasinthira Mayendedwe

Aphunzitsi athu, a wapampando, ndi anzanga nonse a m'kalabu ya sayansi, zikomo pondipatsa mpata woti ndilankhule masana ano.

Galimoto isanabwere, munthu wa ku Ulaya akafuna kupita kutali ankadalira sitima ya pamtunda, yomwe inali ndi nthawi yake ndi njanji yake, ndipo akatsika pa siteshoni ankakwera ngolo yokokedwa ndi akavalo. Tsono kavalo amatopa, amadwala, ndiponso amadya ngakhale tsiku limene sanagwire ntchito. Kwathu kuno katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga.

Mu 1886, Carl Benz wa mumzinda wa Mannheim ku Germany analembetsa kuboma galimoto yake ya matayala atatu. Inali ndi injini ya silinda imodzi, momwe mafuta osakanikirana ndi mpweya ankayaka n'kukankha pisitoni, ndipo inkathamanga makilomita pafupifupi 16 pa ola. Ambiri sanaikhulupirire mpaka mu 1888, pamene mkazi wake Bertha anatenga ina ya mtundu womwewo osauza mwamuna wake, nayenda ndi ana awo awiri makilomita oposa 100 kupita ku Pforzheim.

Ulendo umenewu tiuyang'anitsitse, chifukwa ukuonetsa zimene zinkasowa. Malo omwetsera mafuta kunalibe, choncho mayiyu anakagula mafuta m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Mabuleki atatha, anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa, ndipo pa zitunda ankatsika n'kumakankha, zomwe zinachititsa Benz kuwonjezera giya yokwerera mtunda.

Ngakhale zinali choncho, ine ndikuona kuti mayendedwe anasinthadi mtengo wa galimoto utatsika, pakuti poyamba zinali za anthu olemera okhaokha. Ku America, kampani ya Henry Ford inatulutsa Model T mu 1908, ndipo mu 1913 inayamba kuyendetsa galimoto pamzere m'fakitale, wantchito aliyense ataima pamalo ake n'kumaikapo chitsulo chake. Ntchito imene inkatenga maola oposa 12 inayamba kutha m'ola limodzi ndi theka, mtengo unatsika kuchoka pa madola pafupifupi 850 kufika pansi pa 300, ndipo pofika 1927 galimotozi zinali zitapangidwa zokwana 15 miliyoni. Mlimi wa kumudzi tsopano ankatha kupita ndi zokolola kumsika nthawi imene wafuna, dokotala nayenso n'kumafika msanga kwa wodwala.

Galimoto zitachuluka, fumbi ndi matope zinakakamiza maboma kuthira phula m'misewu, ndipo ngozi zinabweretsa malaisensi ndi maloboti, monga amagetsi amene anaikidwa mumzinda wa Cleveland ku America mu 1914.

A wapampando, ndalekera pamenepa. Ndabwera ndi pisitoni yakale ya njinga yamoto, ndipo ndipemphe kuti iyende m'manja mwa aliyense pamene tikulandira mafunso. Zikomo.