Theka la chani? Zomwe ndikalankhule pa prezenteshoni ya gulupu 3, Lachinayi m'mawa

Mwadzuka bwanji nonse. Amadamu, asisita amene mwachokera ku wodi ya ana, ndi anzanga a chaka chachiwiri, zikomo pobwera ngakhale kunjaku chiperoni chavuta. Ine ndine Tamanda wa gulupu 3, ndapatsidwa maminitsi 10 kuti ndifotokoze manambala atatu aja amatizunguza mutu tikamawerenga mapepala a risechi: riletivu risiki, odzi reshiyo ndi abusoluti risiki ridakishoni. Pa bolodi ndizingolemba RR, OR ndi ARR. Chikondi ndi amene ali pa laputopu, magetsi akathima musadandaule tebulo lomweli talijambulanso pa filipi chati.

Ndiyambe ndi funso. Munthu atabwera pano n'kunena kuti mankhwala awa amachepetsa matenda ndi theka, mungawagule? Ine sabata yatha ndikanati eya. Pano ndimayamba ndafunsa kuti theka la chani.

Tisanafike ku matenda tipite kaye pa msika. Mwatsika minibasi ya ku Limbe pa Chitakale, mwagula zinanazi 10, mwafika kunyumba mwapeza kuti ziwiri ndi zowola mkati. Chiopsezo, kapena kuti risiki, ndi zowola kugawa ndi zonse zomwe munagula, ndiye 2 pa 10, yomwe ndi 0.2 kapena 20 peresenti. Odzi ndi ina: zowola kugawa ndi zabwino zokhazokha, 2 pa 8, yomwe ndi 0.25. Dengu ndi lomwelo, zinanazi ndi zomwezo, chasintha ndi nambala yapansi basi. Pa risiki pansi timaika onse, pa odzi pansi timaika okhawo amene sizinawachitikire. Amene akuwodzera kumbuyoko, ukagwira ichi chokha zinazi ndi masamu a ku pulayimale.

Chikondi, silaidi yachiwiri. Manambala ali apawa ndapeka ndekha kuti masamu asavute, si a kafukufuku weniweni, musakawalembe mu asainimenti. Tiyerekeze kuti tatenga ana 400 a m'malayini a pa esiteti ya tiyi. Ana 200 amagona mu neti usiku uliwonse, 200 enawo sagona mu neti, mwina netiyo inakatchinga dimba la tomato. Tawatsatira kuyambira Disembala mpaka Epulo, nyengo yonse ya mvula. Mwa ogona mu neti, 40 adwala malungo, 160 sanadwale. Mwa osagona mu neti, 80 adwala, 120 sanadwale.

Risiki ya a mu neti ndi 40 pa 200, ndiye 0.2. Risiki ya opanda neti ndi 80 pa 200, ndiye 0.4. RR ndi kungogawa ziwirizi:

```
RR = 0.2 / 0.4 = 0.5
```

Kumasulira kwake n'kwakuti mwana wogona mu neti chiopsezo chake ndi theka la chiopsezo cha mnzake wopanda neti. RR ikakhala 1 ndiye kuti magulu awiriwa sakusiyana. Ikatsika pansi pa 1 chinthucho chikuteteza, ikakwera pamwamba pa 1 chikuwonjezera vuto. Chenjezo laling'ono, onetsetsani gulu lomwe mwaika pamwamba. Mukatembenuza mupeza 2, ndipo 2 ameneyo si wolakwika ayi, koma akunena zoti opanda neti ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri. Ine pa kwizi yoyamba ija ndinatembenuza n'kulemba kuti neti ikubweretsa malungo, amadamu anangondijambulira funso lalikulu lofiira m'mbali.

Tsopano ARR, imene ine ndimaikonda kuposa zonse. Apa sitigawa, tichotsera:

```
ARR = 0.4 - 0.2 = 0.2
NNT = 1 / ARR = 5
```

0.2 ndiye kuti pa ana 100 aliwonse amene agona mu neti, 20 apulumuka ku malungo amene akanadwala. Ndipo mukatenga 1 kugawa ndi ARR mumapeza NNT, chiwerengero cha anthu ofunika kuwathandiza kuti mmodzi apulumuke. Apa ndi 5. Ana asanu akagona mu neti nyengo yonseyo, tapewa malungo a mwana mmodzi. Iyi ndi nambala yomwe mungawauze amfumu pa msonkhano n'kugwedeza mutu, komanso ndi yomwe amene amagwira bajeti amafuna kumva. Osaiwala kutchula nthawi, NNT ya 5 pa miyezi isanu si chimodzimodzi ndi NNT ya 5 pa zaka khumi.

Nayi nkhani yeniyeni yomwe ndabwerera pano. Silaidi yachitatu. Tisinthe matenda, titenge osowa kwambiri. Popanda mankhwala amadwala anthu 2 pa 1,000, ndi mankhwala amadwala 1 pa 1,000. RR ndi ingati? 0.5 yomwe ija, theka, ndendende ngati ya neti. Koma ARR ndi 0.001, ndiye NNT ndi 1,000. Anthu 1,000 amwe mankhwala, ena achite nawo nseru, ena ayende wapansi kuchokera ku Muloza kudzatenga, kuti mmodzi yekha apindule. RR yofanana, uku 5 uku 1,000. Ndiye munthu akangokuuzani kuti theka osatchula pomwe chiopsezocho chinayambira, wakuuzani mtengo watsika osakuuzani kuti unali ndalama zingati.

Zimenezi zinachitikadi. Mu 1995 ku Britain komiti ya boma yoona za chitetezo cha mankhwala inachenjeza kuti mapiritsi ena olera, a mtundu watsopano panthawiyo, amawirikiza kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Manyuzipepala anaitola, amayi ambiri anasiya kumwa mapiritsi chifukwa cha mantha. Koma kawiri ameneyo anali kuchoka pa mayi mmodzi mwa pafupifupi 7,000 kufika pa awiri mwa 7,000. Zotsatira zake mimba zosakonzekera zinachuluka, kuchotsa mimba kunakweranso, chikhalirecho mimba payokha imakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi kuposa mapiritsiwo. Palibe amene ananama, nambala ya kawiri inali yoona, kungoti inayenda yokha. Asisita a ku kulera ndikhulupirira mukudziwa m'mene mphekesera imodzi imathamangira kuchokera pa mjigo kufika mudzi wonse.

Tibwere ku OR, mwana wovuta wa m'banjali. Tibwerere ku tebulo la neti. Odzi ya a mu neti ndi odwala kugawa ndi osadwala, 40 pa 160, ndiye 0.25. Ya opanda neti ndi 80 pa 120, ndiye pafupifupi 0.67.

```
OR = (40/160) / (80/120) = 0.375
```

Kapena njira yachidule ija yochulukitsa mopingasa, 40 kuchulukitsa ndi 120, kugawa ndi 160 kuchulukitsa ndi 80, yankho ndi lomwelo. Tsono taonani, tebulo limodzi koma RR ndi 0.5, OR ndi 0.375. Wina akawerenga OR ngati RR anena kuti neti yachepetsa chiopsezo ndi 62.5 peresenti pomwe zoona zake ndi 50. Matenda akakhala ofala ngati malungo kwathu kuno, OR imathawira kutali ndi 1 kuposa RR, imakokomeza, kaya chinthucho ndi choteteza kaya ndi choononga. Koma yesani pa matenda osowa aja, 1 pa 999 kugawa ndi 2 pa 998 mupeza 0.4995, pafupifupi 0.5 yemweyo. Chifukwa chake n'chakuti odwala akakhala ochepa kwambiri, osadwala ndi onse amakhala ngati nambala imodzi. Kawirikawiri amati matenda akakhala pansi pa 10 peresenti awiriwa amayandikana.

Ndiye ngati imavuta chonchi timaisungiranji? Limbani anafunsa zomwezi ku gulupu, ndipo ndi funso labwino. Pali kafukufuku wina amene RR sungaiwerengere n'komwe, uja woyambira kwa odwala kale n'kuwafananiza ndi osadwala, kesi kontrolo. Chitsanzo chodziwika ndi cha Richard Doll ndi Austin Bradford Hill mu 1950, m'zipatala za ku London. Anatenga amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo ndi amuna ena 649 opanda khansayo, n'kuwafunsa za fodya. Mwa odwala khansa, awiri okha ndi amene sankasuta, 647 ankasuta. Mwa enawo 27 sankasuta, 622 ankasuta.

Yesani kupeza risiki pamenepa muone. Osuta onse ndi 647 kuphatikiza 622, odwala ndi 647, zikubwera pafupifupi 51 peresenti. Kodi theka la osuta fodya onse ali ndi khansa? Ayi ndithu. Nambala imeneyo yabwera chifukwa ofufuzawo anasankha okha kuti atenge odwala 649 ndi osadwala 649. Akanatenga osadwala 6,000 risikiyo ikanatsika popanda fodya kusintha chilichonse. OR siisuntha ndi zimenezo, chifukwa ikufananiza odzi ya kusuta mkati mwa gulu lililonse palokha:

```
OR = (647 x 27) / (2 x 622) = 14
```

Pafupifupi 14. Ndipo poti khansa ya m'mapapo ndi yosowa tikatenga anthu onse, 14 ameneyu tingamutenge ngati chithunzi cha RR. Mudzaionanso OR m'mapepala amene agwiritsa ntchito lojisitiki rigireshoni, imeneyo amadamu anati ndi ya semesita ikubwerayi ndiye sindiiputa.

Kalankhulidwe kokha ndikupempheni. OR ikakhala 3 musanene kuti ali pa chiopsezo chowirikiza katatu, nenani kuti odzi yawo ndi yowirikiza katatu. Zikumveka ngati kuvuta chabe koma mamakisi amathera pomwepo. Chinanso, pafupi ndi RR kapena OR mudzaona manambala awiri a 95% CI, konifidensi intavo, osonyeza mpata umene yankho lenileni likuyembekezeka kukhalamo. Ngati akudutsa pa 1, monga 0.8 mpaka 1.3, kafukufukuyo sanathe kuonetsa kuti pali kusiyana. Pa ARR malire ake ndi 0 osati 1, poti kumeneko timachotsera. Ndipo OR ya 14 kapena RR ya 2 payokha siitsimikiza kuti ichi ndiye chayambitsa icho, mwina ana a mu neti aja makolo awo ndi omwenso nyumba zawo zili ndi mawindo otseka bwino, koma gawo limenelo ndi la Limbani.

Ndatsala ndi mphindi imodzi, tulutsani mafoni mutsegule kakyuleta. Manambala opekanso. Mabanja 100 amathira kolorini m'madzi akumwa, 9 mwa iwo kwapezeka wotsegula m'mimba mwezi uno. Mabanja 100 sathira, 12 kwapezeka wodwala. Mzere wa kumanzere mupeze RR, wapakati ARR ndi NNT, wa ku windo OR. NNT ikatuluka ndi kadontho muikwezere m'mwamba, palibe banja la theka. Mayankho ndawaphimba ndi pepala pa filipi chati, Chikondi usatsegule mpaka mzere uliwonse utanena lake. Amadamu, mafunso ndiyankha Limbani akamaliza. Limbani, bwera utenge choko.