Tsalani bwino Madamu a Kemisitile

Madamu,

Pa giraduweshoni paja ndinkafuna ndikutsanzikeni bwinobwino koma mwaona nokha mmene zinalili, aliyense amakukokerani uku ndi uku kuti mujambulitse naye, ine nditafika pafupi pakhosi panangouma, chomwe chinatuluka ndi "zikomo Madamu" basi, kenako makolo a wina anakutengani. Ndiye ndati bola ndilembe. Foniyi ndi ya achimwene, andibwereka usiku uno wokha, mukaona zilembo zina zasokonekera musatenge bolopeni yofiira chonde, mayeso tinamaliza.

Choyamba mudziwe kuti ku Fomu 1 tinkakuopani koopsa. Mbiri yanu inatipeza tisanakuoneni nkomwe, a Fomu 3 anatiuza kuti kuli madamu ena samwetulira, ukachedwa ndi mphindi imodzi umaima panja mpaka piriyodi ithe. Zoima panjazo zinali zoona ndithu. Zosamwetulirazo linali bodza, mumaseka inu, kungoti mumayamba mwatembenukira kubolodi kuti tisakuoneni, koma mapewa amakuululani. Dzina lomwe tinakupatsani ndikudziwa mukulidziwa ngakhale mumanamizira kusamva, "Onetsa Njira", chifukwa munthu ulembe ansala yolondola bwanji, ngati sunaonetse mmene waipezera mumangodula mzere n'kulemba pambali kuti "wailota?" Tsopano poti ndatuluka ndikhoza kulitchula mosaopa kukatchetcha kuseri kwa ofesi.

Koma chomwe ndalembera kalatayi kwenikweni ndi cha 2023. Sitinakambiranepo za nthawi imeneyo chibwerereni kusukulu, inu simunaiyambitsepo, inenso ndimachita manyazi.

Mwezi wa Malichi uja namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yathu n'kukokolola munda wa kumtsinje, chimanga chili pafupi kucha, ife tinakagona m'kalasi ya kupulayimale pamodzi ndi mabanja ena ambirimbiri. Makope anga onse, manotsi a Fomu 1 ndi Fomu 2, yunifomu, nsapato, zonse zinapita ndi madzi. Sukulu zitatsegulidwa anzanga anabwerera, ine ayi. Palibe anandiletsa, komanso palibe anandifunsa kuti upita liti, pakhomo aliyense mutu unali pa chakudya ndi malata. Ndinayamba kuperekeza azakhali ku Limbuli masiku a msika kukagulitsa kaunjika, nthawi zina mpaka kuwoloka Muloza kupita ku Milanje, ndipo kunena zoona ndinayamba kuzolowera, ndalama ya sopo ndimaipeza ndekha. Kunalinso abambo ena a geni ya nandolo amene anayamba kubwerabwera kwa amalume, akabwera atanyamula shuga ndi mafuta ophikira, ndipo ndikamadutsa nkhani imaduka. Ndinali mwana koma sindinali wopusa, ndinkadziwa komwe zinkapita.

Ndiye tsiku lija munatulukira pa kabaza, matope mpaka m'maondo chifukwa pamlatho wokokoloka paja munatsika n'kuyenda wapansi. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mapoto. Ndimayembekezera kuti mundimvera chisoni, mundigwira paphewa, "pepa mwana wanga" ngati momwe ankachitira onse obwera kukampu aja, ena mpaka kutijambula tili pamzere wa ufa. Inu munapereka moni kwa amayi, kupepesa za nyumba, kukhala pamkeka, kenako munanditembenukira n'kunena kuti, "Iwe, homuweki yanga ya ma asidi ija ili kuti?" Madamu! Munthu nyumba yagwa inu mukufunsa homuweki! Ndinakwiya zedi, ndinayankha mwamwano kuti inapita ndi madzi, inu osatekeseka, munangotulutsa kope latsopano m'chikwama ndi bolopeni, mukuti "ulembenso, Lolemba ndiipeze patebulo panga."

Usiku umenewo ndinalira, koma sikunali kulira kwa masiku ena aja. Chichitikireni ngozi ija aliyense ankandiona ngati wovutika, wolandira thandizo, dzina pa mndandanda wa amfumu. Inu nokha munabwera kudzandiona ngati mwana wasukulu amene ali ndi ngongole ya homuweki. Sindikudziwa ngati munachita kukonza kapena ndi mmene mulili basi, koma chinandidzutsa ndi chimenecho.

Zomwe munakambirana ndi amalume pansi pa mtengo wa mango sindinazimve, ndipo mpaka lero sanena. Ndimangodziwa kuti pambuyo pake kunabwera amayi awiri a madagulupu, kenako abambo a nandolo aja anasiya kuoneka. Amalume mpaka pano akamva dzina lanu amangopukusa mutu amvekere "mayi amene uja ndi loya, osati mphunzitsi." Amayi anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti munawakumbutsa kuti lamulo la dziko lino silola ukwati munthu asanakwane zaka 18, ndipo munanena mosakweza mawu.

JCE ndinalemba chaka chomwecho ndi manotsi okopera kwa anzanga, usiku ndi tochi ya foni. Ndinakhoza mwapakatikati koma ndinakhoza.

Za fizi ya Fomu 3 musaganize kuti sindikudziwa. Kwacha itagwa mu Novembala muja zinthu zonse zinakwera, amayi analephereratu, ine ndimangodikira tsiku lomwe aziitana mayina a osalipira pa asembule. Dzina langa silinatchulidwe temu imeneyo. Nditakafunsa kuofesi anangoti "zako zinakonzedwa, pita m'kalasi." Basale inabwera mochedwa temu yotsatira, ndiye ya temu yoyambayo inachokera kuti? Ndikudziwa malipiro a aphunzitsi mmene alili, ndikudziwanso kuti muli ndi ana anu komanso a malemu achemwali anu. Mukana, ndikudziwa mukana, ndiye sindikufunsani. Ndangoti mudziwe kuti ndikudziwa.

Tsopano za m'kalasi. Sukulu yathu ya CDSS labu tilibe, koma ine ndikamacheza ndi anzanga a sukulu zogonera konko ndimaona kuti zina timazimvetsa kuposa iwo, chifukwa iwo analoweza mitundu ya m'buku pomwe ife tinaiona ndi maso. Tsiku lija munabwera ndi chidede chowiritsa m'botolo la sobo, wina munamutuma mandimu, ine munandituma chidulo cha amayi chophikira therere. Mutathira mandimu madzi aja anafiira kwambiri, mutathira chidulo anasanduka obiriwira, kalasi yonse "aaaa!" mnyamata wina kumbuyo amvekere Madamu ndi asing'anga. Kuchokera tsiku limenelo sindinasokonezeponso asidi ndi alikali. Ndinakafotokozera agogo kuti chidulo chawo chija ndi alikali, n'chifukwa chake chimafewetsa masamba msanga, iwo anangoti "ndiye mpaka kulipira fizi kuti ukamve zimenezo?" Koma madzulo ake ndinawamva akuuza anzawo monyadira.

Mamolo ndiye anandizunza, eee. Nambala ija ya 6.02 × 10²³ ndimangoiyang'ana mutu kuzungulira, mpaka munandikhazika pansi nthawi ya buleki, inu mukudya chinangwa chanu, n'kundiuza kuti ndisiye kuiopa nambalayo, molo ndi muyeso chabe ngati chigoba cha pamsika, wogulitsa nyemba sawerenga imodziimodzi. Kenako n = m/M inangolowa yokha. Pepala la MANEB litabwera funso la mamolo ndinayamba nalo limenelo, ndipo njira ndinaonetsa yonse, mzere uliwonse, mayunitsi omwe, moti amene akachonge atopa nane.

Sindidzaiwalanso Loweruka lija munatitengera kusukulu ina ija yokhala ndi labu kuti tikagwireko byuleti mayeso a pulakitiko asanafike. Thiransipoti tinasonkha koma inaperewera, yotsalayo tonse tinaona komwe inachokera. Manja anga ankanjenjemera potsegula kampopi kaja, ndinathira asidi wambiri mtundu wa pinki uja n'kuzimiririka nthawi imodzi, inu munangoti "bwerezanso, dontho limodzi limodzi, ukuthamangira kuti?" Anthu ena Loweruka amakhala akuphunzitsa mapatitayimu olipiritsa, inu munali nafe mpaka dzuwa kupendeka osapempha kanthu.

Pali chimodzi chomwe sindinagwirizane nanu ndipo ndinene poti ndikupita. Zowerenga malikisi a moko mokweza kalasi yonse ikumva zija, Madamu, ena zimawalimbikitsa koma ena zimawapha. Mnzanga uja timakhala desiki imodzi, tsiku lomwe munawerenga zake sanadye, ndipo sabata yonse sanabwere ku sitade seko. Si waulesi, kwawo ndi kutali ndipo akafika amayamba kaye ntchito zapakhomo. A Fomu 3 akubwerawa mwina muziwaitana mmodzimmodzi. Mukhoza kundikalipira tikakumana, ndazolowera.

Panopa ndili pakhomo kudikira zotsatira. Kemisitile ndi Bayoloje ndikuona ngati zinayenda, Masamu pepala lachiwiri linandipanikiza nthawi, Chingerezi ndiye ndikungopemphera chifukwa mukudziwa kuti ukachilakwa chimenecho satifiketi palibe olo zinazo ukhoze bwanji. Mapointi akalola ndikufuna ndidzalembere za mankhwala ku KUHeS, ikakanika imeneyo ndiye za uphunzitsi wa sayansi, kaya ku Domasi kaya ku Nalikule. Musaseke. Ndikudziwa ndinkanena kuti uphunzitsi ine ayi, choko chimayeretsa zovala, koma maganizo amasintha. Mafomu a NCHE akadzatuluka ndidzabwera kuti mundithandize kusankha makosi, chifukwa kunyumba kuno palibe anafikapo pamenepo, achimwene analekezera Fomu 2. Pakadali pano ndabwerera ku Limbuli kuthandiza azakhali, koma musadandaule, ulendo uno ndikusunga ya mafomu ndi thiransipoti, ndipo ndimabwerera kunyumba kusanade.

Buku lanu la mapepala akale a mayeso lija lili ndi ine, chikuto chinachoka koma ndamata ndi selotepu, masamba onse alipo. Ndimutuma mng'ono wanga sukulu ikatsegulidwa, pamodzi ndi nanazi ndi kathumba ka nandolo komwe amayi akusungirani, akuti musabweze ngati munachitira ndi nkhuku ija, anadandaula mwezi wathunthu. Mng'ono wangayo akulowa Fomu 2, mumudziwa, wamfupi wolongolola uja amakhala pafupi ndi zenera. Mutu uli bwino kuposa wanga koma amakonda kuseweretsa nthawi. Musamunyengerere olo pang'ono, ndipo akajomba masiku awiri otsatizana mutumize uthenga pa nambala ino, achimwene andiuza.

Mupereke moni kwa ahedi, kwa Sala a Masamu muwauze kuti ngongole ya kalikuleta sindinaiwale, komanso kwa alonda aja ankatitsegulira kalasi madzulo kuti tiziwerenga. Moni kwa ana kunyumba. Ndipo bondo lija mukapimitse kuchipatala chonde, mwakhala mukunena kuti "holide ikubwerayi" kuyambira tili Fomu 3.

Zotsatira zikangotuluka woyamba kumuimbira ndinu, zikhale zabwino zikhale zoipa, ndiye foni isakhale yozima.

Tsalani bwino Madamu, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
uja wa chidulo, Fomu 4 ya 2025