Chikonzero cha Phunziro la Masamu ndi Kuunika Momwe Linayendera: Kuchotsera Mobwereka, Sitandade 3

GAWO LOYAMBA: CHIKONZERO CHA PHUNZIRO

Kalasi: Sitandade 3
Phunziro: Masamu
Mutu: Kuchotsera nambala za manambala awiri mobwereka
Tsiku: Lachitatu, sabata yachinayi ya teremu yachiwiri
Nthawi: Mphindi 35
Ophunzira olembedwa m'kaundula: 64

Zomwe ophunzira akudziwa kale

Ophunzira amatha kupatula mateni ndi mawani m'nambala iliyonse yosaposa 99, ndipo sabata yatha anaphunzira kuchotsera kosafuna kubwereka, monga 48 − 25. Ambiri amathanso kuchotsera nambala yaing'ono ku nambala ya pakati pa 10 ndi 18 powerenga zala kapena timitengo.

Zizindikiro za kakhonzedwe

Pofika kumapeto kwa phunziroli, ophunzira athe kumasula mtolo umodzi wa timitengo khumi kuti ukhale mawani khumi, kufotokoza chifukwa chomwe mtolowo wamasulidwira, ndiponso kupeza mayankho olondola a masamu osachepera atatu mwa anayi olembedwa motsitsa pansi pa mitu ya mateni ndi mawani.

Zipangizo zophunzitsira, zophunzirira ndi zoyesera

Gulu lililonse lidzalandira mitolo isanu ya timitengo khumikhumi yomangidwa ndi mphira, pamodzi ndi timitengo tisanu ndi tinayi tosamanga. Mphunzitsi adzakhala ndi tchati chogawidwa pawiri, mbali ya mateni ndi mbali ya mawani, choko cha mitundu iwiri, ndi makadi atatu olembedwa samu imodziimodzi ndi zilembo zazikulu.

Njira zophunzitsira, zophunzirira ndi zoyesera

Phunziroli lidzagwiritsa ntchito mafunso ndi mayankho, kuonetsa, ntchito ya m'magulu, ntchito ya aliyense payekha, ndi kuyang'anitsitsa zomwe ophunzira akuchita pamene akugwira ntchito.

Chiyambi (mphindi 5)

Mphunzitsi adzalemba 48 − 25 pabolodi ndi kuitana wophunzira mmodzi kuti apeze yankho uku akufotokoza zomwe akuchita, kuyambira mbali ya mawani. Kenako adzafunsa masamu atatu apakamwa, 13 − 7, 14 − 6 ndi 11 − 3, chifukwa amenewa ndiwo adzafunikenso mkati mwa phunziro. Pomaliza adzalemba 43 − 17 ndi kufunsa kuti, "Kodi tingachotse timitengo 7 pamene tili ndi timitengo 3 tokha?" Yankho la funsoli silidzaperekedwa nthawi yomweyo, koma ophunzira adzapatsidwa mpata wonong'onezana awiriawiri.

Sitepe 1: Kuonetsa (mphindi 8)

Mphunzitsi adzaika mitolo 4 kumbali ya mateni ndi timitengo 3 kumbali ya mawani. Adzaitana wophunzira kuti ayese kuchotsa timitengo 7, ndipo zikakanika adzafunsa kalasi komwe timitengo tina tingachokere. Wophunzirayo adzatenga mtolo umodzi, adzaumasula, ndi kuika timitengo khumito kumbali ya mawani, kotero kuti patsala mitolo 3 ndi timitengo 13. Mphunzitsi adzatsindika kuti nambala sinasinthe, ikadali 43, chomwe chasintha ndi kamangidwe kake basi. Kalasi idzachotsa timitengo 7 ndi mtolo 1, n'kupeza 26. Pambuyo pake mphunzitsi adzalemba samu yomweyo motsitsa, kudula 4 ndi kulemba 3 pamwamba pake ndi choko cha mtundu wina, kenako kulemba 1 pambali pa 3 wa mawani kuti awerengedwe 13.

Sitepe 2: Ntchito ya m'magulu (mphindi 9)

Ophunzira adzakhala m'magulu khumi ndipo adzapeza mayankho a 34 − 16, 51 − 23 ndi 40 − 13 pogwiritsa ntchito timitengo. Samu yomalizayo yaikidwa dala chifukwa mbali ya mawani ilibe kanthu, choncho palibe njira ina koma kumasula mtolo. Mphunzitsi adzayendera magulu ndi kufunsa kuti, "Mitolo yatsala ingati mutamasula umodzi?" Ophunzira awiri omwe saona bwino patali adzakhala m'gulu lakutsogolo ndipo adzapatsidwa makadi m'manja. Magulu atatu adzafotokozera kalasi zomwe apeza.

Sitepe 3: Ntchito ya aliyense payekha (mphindi 9)

Wophunzira aliyense adzalemba m'kope mwake ndi kupeza mayankho a 52 − 27, 61 − 24, 74 − 36 ndi 80 − 45. Omwe adzamalize msanga adzatsimikiza mayankho awo pophatikiza yankho ndi nambala yomwe yachotsedwa, mwachitsanzo 25 + 27 = 52. Mphunzitsi adzachonga makope ena akuyenda m'mizere, ndipo otsalawo adzawatolera.

Mathero (mphindi 4)

Wophunzira mmodzi adzapeza yankho la 61 − 24 pabolodi, ndipo kalasi idzatchula nthawi yomwe kubwereka kumafunika, ndiko kuti pamene mawani a nambala yapamwamba ali ochepa kuposa a nambala yapansi.

GAWO LACHIWIRI: KUUNIKA PHUNZIRO

Tsikuli kunabwera ophunzira 58. Chiyambi ndi Sitepe 1 zinayenda monga momwe ndinakonzera, ndipo funso la timitengo 3 ndi 7 linagwiradi ntchito yake, chifukwa wophunzira wina yemwe kawirikawiri sakweza dzanja ndiye anayamba kunena kuti timasule mtolo ndisanatchule n'komwe. Magulu onse khumi anapeza mayankho olondola a masamu atatu a Sitepe 2. Pa nthawi imeneyo ndinali wokhutira kuti mfundo yamveka, makamaka pamene kalasi yonse inkayankha pamodzi mokweza kuti mitolo yatsala itatu.

Makope anandionetsa zina. Ophunzira 31 anakhoza masamu atatu kapena onse anayi, kutanthauza kuti chizindikiro chachitatu cha kakhonzedwe chinakwaniritsidwa ndi ophunzira ongopitirira theka pang'ono. Atatu sanamalize kukopera masamuwo. Otsala 24 analakwitsa, ndipo zolakwa zawo sizinali zongoponya, koma zinali ndi dongosolo lomwe linkabwerezedwa samu iliyonse. Ophunzira 17 ankachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu mosayang'ana yomwe ili pamwamba, kotero kuti pa 61 − 24 anachotsa 1 ku 4 n'kulemba 43, ndipo pa 74 − 36 analemba 42. Ophunzira 7 anabwereka bwinobwino kumbali ya mawani koma sanachepetse mateni, n'kupeza 47 ndi 48. Magulu awiriwa safuna thandizo lofanana. Asanu ndi awiriwo amvetsa chifukwa chobwerekera ndipo angotsala ndi sitepe imodzi, pamene enawo akuona mateni ndi mawani ngati masamu awiri osiyana omwe angoyandikana patsamba.

Chomwe ndachiganizira kwambiri ndi kasankhidwe ka masamu a Sitepe 3. Pochonga ndinaona kuti ophunzira onse 24 analemba 35 pa 52 − 27, ndipo poyamba ndinaganiza kuti onse ali ndi vuto limodzi. Nditawerengera modekha ndinapeza kuti njira zolakwika ziwiri zija zimabereka yankho lofanana pa samu imeneyi. Wochotsa 2 ku 7 amapeza 5, ndipo wochotsa 7 ku 12 amapezanso 5, ndiye ngati onse asiya mateni osachepetsa, onse afika pa 35. N'chimodzimodzinso 80 − 45, pomwe onse analemba 45. Izi zimachitika nthawi zonse pamene mawani apansi aposa apamwamba ndi 5. Motero masamu awiri mwa anayi ankangondiuza kuti mwana walakwa osandiuza pomwe walakwira, ndipo zikanakhala kuti onse anayi anali otero, bwenzi mawa ndikubwereza phunziro lonse kwa ana omwe akungofuna kukumbutsidwa kudula nambala imodzi. Kuyambira tsopano, ndisanaike samu m'chikonzero, ndiziyamba ndaipeza m'njira yolondola komanso m'njira zolakwika zomwe ndikuziyembekezera, kuti ndione ngati mayankho ake akusiyana.

Funso lina ndi lakuti, ana omwe anakhoza ndi timitengo analephera bwanji m'kope patangopita mphindi zochepa? Aphunzitsi ondiyang'anira, omwe anakhala kumbuyo kwa kalasi, anandiuza zomwe ine sindikanatha kuziona ndili pakati pa magulu. Iwo anati m'magulu ambiri mwana mmodzi kapena awiri ndiwo ankagwira timitengo kuyambira samu yoyamba mpaka yomaliza, ena onse akungoonerera ndi kubwereza yankho. Anaonanso kuti m'Sitepe 2 munalibe kulemba kulikonse, ndipo m'Sitepe 3 munalibe timitengo, chifukwa ndinatitolera ana asanatsegule makope. Ndikugwirizana nawo kwathunthu. Kumasula mtolo ndi kudula nambala ya mateni ndi chinthu chimodzi, koma chikonzero changa chinaziika m'masitepe osiyana, ndipo ana anaziona zikuchitikira pamodzi kamodzi kokha, m'manja mwa mphunzitsi. Gulu lokhalo lomwe mamembala ake onse anakhoza linali lakutsogolo lija, lomwe linali ndi makadi, ndipo ndinaona mtsikana wina akudula 5 pakhadi la 51 − 23 ndi pensulo pa nthawi yomwe mnzake ankavula mphira pamtolo. Palibe anawauza kutero.

Pa mfundo imodzi maganizo anga akusiyana pang'ono ndi a aphunzitsi ondiyang'anira. Iwo anati samu yokhala ndi ziro ikanadikira tsiku lina chifukwa ndi yovuta kwa oyamba kumene. Ndikuona kuti pa timitengo 40 − 13 inathandiza, popeza mwana alibe kamtengo ngakhale kamodzi koti ayambirepo ndipo amakakamizika kuyang'ana kumitolo. Koma ndikuvomereza kuti 80 − 45 ya m'kope inafika msanga, pakuti ngakhale ena mwa 31 aja anailakwitsa.

Nthawi nayo inavuta pang'ono. Kugawa timitengo kunadya pafupifupi mphindi zitatu zomwe sindinaziwerengere, ndipo mathero anafupika moti wophunzira anamaliza samu ya pabolodi belu likulira. Atsogoleri a magulu azitenga zipangizo phunziro lisanayambe.

Phunziro la mawa silipita ku mutu watsopano. Ophunzira adzagwira ntchito atatuatatu, wina akumasula mtolo, wina akulemba zomwezo m'kope nthawi yomweyo, wachitatu akutsimikiza yankho pophatikiza, ndipo adzasinthana ntchito pa samu iliyonse kuti aliyense agwire timitengo. Ophunzira 17 aja ndidzakhala nawo ndekha kwa mphindi khumi zoyambirira, ndipo tidzayamba ndi kuyala nambala yapamwamba yokha, chifukwa mwana amene wayala 61 n'kuona kamtengo kamodzi sangachotse 1 ku 4 yemwe palibe patebulo. Asanu ndi awiri aja adzafunsidwa kuwerenga mitolo yotsala asanalembe mbali ya mateni. Atatu omwe sanamalize kukopera adzalandira masamu olembedwa kale pamapepala kuti ndione ngati vuto lawo ndi masamu kapena kulemba. Masamu oyesera adzakhala 63 − 29, 45 − 18, 72 − 34 ndi 81 − 57, ndipo onsewa ndawapeza kale m'njira zitatu zija ndi kutsimikiza kuti njira iliyonse ikupereka yankho lakelake.