Mlendo ndi Mame

Buku la miyambi linali litatha, kupatula tsamba limodzi. A Phiri ndi Anabanda, onse akatswiri a zilankhulo, ankalembera bukuli ana a Achewa a mu Zimbabwe, poti kuyambira 2013 malamulo a dzikolo amawerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pa miyambi ina yonse anagwirizana. Pa "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka" mpamene panavuta.

"Mwambiwu ngwa eni nyumba," anatero a Phiri, amene anabadwira ku Dedza n'kubwera ku Harare ali kale ndi imvi. "Ukuti mlendo musatope naye, mupheleni nkhuku, mawa apita. Mwana aliyense kumudzi akudziwa zimenezi."

"Kumudzi kwanu," anayankha Anabanda. Iwo anabadwira ku Mufakose ndipo Malawi anamuona ali ndi zaka 30. "Agogo anga ankaunenera mlendo mwiniyo. Bambo akalankhula zogula malata, agogo ankati mlendo ndi mame, usamange kwa eni, dzuwa likakwera uzipita."

"Amenewo ndi matanthauzo a machona, mayi. Mwambi unapotoka panjira, mwina pa Nyamapanda."

Mawu akuti machonawo a Phiri anawatulutsa akuseka, koma Anabanda sanaseke. Anatseka kope lawo.

"Achimwene, ndiye kuti Chichewa chikawoloka Zambezi chimasanduka chabodza? Anthu akhala akuvina Gule Wamkulu kuno kuyambira kale, maliro amaika m'Chichewa, ku CCAP amaimba m'Chichewa. Inu mwafika dzana, lero mukuwaphunzitsa chilankhulo cha amayi awo?"

Sabata yonse analankhulana pa foni basi, ngakhale maofesi awo anali oyang'anana. Pomaliza anapangana kuti akafunse munthu wamkulu, ndipo chimene akanene iyeyo n'chimene chilowe m'buku.

Loweruka anakwera kombi ya ku Mabvuku. Agogo Mbewe anawapeza pakhonde akusoka nsapato ya mdzukulu, ulusi ataupaka phula la kandulo. Mkuluyu anachoka ku Ntcheu mu 1958, nthawi ya Chitaganya, mzindawu ukadali Salisbury, ndipo anaphikira azungu ku Highlands mpaka maso atayamba kuchita chidima. Kwawo sanabwerereko.

Atamva funso, agogo analuma ulusi n'kuulavula.

"Ine tsiku lonyamuka malume anandiuza mwambi umenewo."

Anabanda anasendeza foni pafupi. "Kuti musakachedwe, eti agogo?"

"Kaya. Ankalankhula akuyang'ana mnzanga amene ndinkapita naye, amene anali atagona kwathu mwezi wathunthu. Mwina ankauza ine, mwina ankauza mayi anga, poti anali atayamba kubisa ufa."

"Mwamvatu!" anatero a Phiri.

"Ndamva kuti mwina," anatero Anabanda.

Anayambiranso pomwepo, pakhonde la eni. A Phiri anati mame ndi chinthu chabwino, amanyowetsa mbewu, nanga munthu angayerekeze mlendo ndi chinthu chabwino pofuna kumuthamangitsa? Anabanda anati mutu wa nkhani uli pa kukamukapo, ndipo anawakumbutsa wina uja wakuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. A Phiri anatchula mabuku akale a amishoni. Anabanda anafunsa kuti amishoniwo anafunsapo mayi angati, kapena ankangolemba za amuna a pabwalo. Agogo anamaliza nsapato, n'kuyamba inzake.

Nsima inabwera, ya matemba a ku Kariba ndi nkhwani wotendera. Anadya akukangana. Tiyi anabwera, anamwa akukangana. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo mthunzi wa mpanda utafika pakhonde, Agogo aakazi anatuluka ndi mbale ya mbatata yootcha. Anagwada, anaika mbaleyo pakati pa alendo, anasuzumira kumene kunali dzuwa, kenaka anati:

"Idyani ana anga. Mlendo ndi mame."

Atatero anatenga tsache n'kuyamba kusesa pafupi ndi mapazi awo.

Akatswiri aja anayang'anana. A Phiri anatola mbatata ziwiri. Anabanda anatola chikwama. Kutsanzika kwake kunali kwachangu, ndipo Agogo Mbewe anawaperekeza mpaka pageti okha.

"Atipatsa mbatata," anatero a Phiri ali pa siteji. "Umboni wina mukuufunanso?"

"Asesa, achimwene. Munthu amasesa madzulo alendo ali pomwepo?"

"Tibwerere tikawafunse."

"Pitani nokha. Ine manyazi andikwana."

Kombi inaima, kondakitala akukuwa za m'tauni. Malo anatsala awiri, kumbuyo kwenikweni, moti anakhala mopanikizana, a Phiri mbatata zili m'manja.

"Lolemba ndilemba matanthauzo onse awiri," anatero Anabanda.

"Chabwino. Koma langa likhale loyamba."

"Tiona amene afike msanga ku ofesi."