Kwa Amayi Banda pa Tsiku Lanu Lobadwa

Chipata, Lachisanu, 7 Novembala 2025

Olemekezeka Amayi,

M'malo mwa antchito onse a pa sitolo pano ndi anzathu a ku depoti ya ku Katete, ndikufunirani tsiku labwino lokumbukira kubadwa kwanu. Mulungu amene wakusungani chaka chonsechi akuonjezereni masiku, akupatseni thanzi ndi mtendere pakhomo panu.

Mawu amene tinalemba pa khadi ndi omwewo, ndipo tonse 14 tasainapo. Koma khadi linachepa, ndiye anzanga anati ine, poti ndine ndakhalitsa kuposa onse, ndionjezepo kalata iyi. Ndapempha kuti aiike pa tebulo panu m'malo moiwerenga pagulu, chifukwa tikudziwa kuti simukonda kutamandidwa anthu akumva. Tikudziwanso kuti ino ndi nyengo yothina. Alimi ali pamzere kuyambira m'mawa kufuna mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, ndiye muiwerenge pamene mwapeza mpata m'mawa uno.

Zaka zanu sitinafunse, ndipo si zathu kufunsa. Zimene tingawerenge ndi zaka zimene takhala pansi pa utsogoleri wanu. Kwa ine zakwana 13. Ndinabwera mu 2012 ngati wonyamula matumba, nditangochoka kumudzi kwathu ku Chadiza, ndipo panthawiyo sitolo inali chipinda chimodzi kufupi ndi msika wa Kapata, sikelo imodzi yopachika pa mtanda ndi buku limodzi lolembamo zonse. Chipata yemwe anali asanatchedwe mzinda, poti ulemu umenewo unadzabwera mu 2017.

Chinthu choyamba chimene munandiphunzitsa ndikuchikumbukira bwino, chifukwa mpaka lero ndi chimene ndimayambira nacho ntchito. Munandiimika pa sikelo ndi kunena kuti mlimi asanapachike thumba lake, ayambe waona yekha kuti muvi uli pa ziro. Munati mlimi akakhala kuti sadziwa kuwerenga, tiitane mwana wake kapena mnzake amene wabwera naye kuti awerenge manambala mokweza. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati tikuchedwetsa mzere. Patapita miyezi ndinamvetsa chifukwa chake amayi a ku Vubwi amadutsa ogula ena m'njira, ena mwa iwo olonjeza mtengo wokwererapo, ndi kudzatsitsa nshawa zawo pakhomo pathu. Amadziwa kuti pano thumba la makilogalamu 50 limalembedwa 50.

Chaka chotsatira, pa 1 Januwale 2013, ndalama yathu inasintha. Boma linachotsa maziro atatu, ndipo K1,000 inasanduka K1. Kwa anthu a m'tauni zinali zosavuta kwenikweni, koma agogo ambiri ochokera kumidzi ankaona ngati tawabera akalandira ndalama zochepa m'manja. Mukukumbukira kuti munalamula kuti pa lisiti lililonse tizilemba mitengo iwiri, wakale ndi watsopano, ndipo inuyo munkatuluka mu ofesi kudzakhala pa benchi ndi nkhalamba imodziimodzi, kuwerenga nayo ndalamazo mpaka itakhutira. Tsiku lina munachedwa kudya mpaka dzuwa litapendeka chifukwa cha bambo mmodzi wa ku Chiparamba amene ankafuna kuti muwerengenso kachitatu. Munawerenga kachitatu, osakweza mawu. Bambo ameneyo ana ake amagulabe mbewu kwa ife.

Sitinganene kuti ndinu bwana wofewa, ndipo tikanatero mukanadziwa kuti tikungokusangalatsani. Nshawa zonyowa simulandira, ngakhale mwini wake atakhala wachibale wa mmodzi wa ife. Ena amawaza madzi pa nshawa kuti zisavute kuswa, ena kuti zilemere, koma inu mumabweza thumba lonse ndi kufotokoza kuti chinyezi ndicho chimabweretsa chuku, ndipo chuku ndi poizoni kwa ana amene adzadye chiponde chake. Wochedwa pa ntchito mumamufunsa chifukwa. Buku likapanda kugwirizana ndi katundu wa m'nyumba yosungiramo, palibe amene amapita kwawo mpaka cholakwacho chitapezeka. Koma pa zaka zonsezi sindinakuoneni mukudzudzula munthu pamaso pa makasitomala. Mumamuitanira mu ofesi, chitseko n'kutseka, ndipo akatuluka nkhaniyo yathera momwemo. Achinyamata amene agwirapo ntchito kwina amati ichi ndicho chinawadabwitsa kwambiri atafika pano.

Chimene anzanga anandiumiriza kuti ndisachisiye ndi cha chaka chatha. Mvula inadula pakati pa dzinja chimanga chikuyamba kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Tonse tinaona minda itauma m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, kuyambira ku Katete, Sinda mpaka ku Petauke. Zogula zinachepa, alimi amene tinawakongoza mbewu analibe chobweza, ndipo madzi atatsika ku Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, makina oswera nshawa ali chete. Ife tinkanong'onezana kuseri kwa matumba kuti mwezi uno wina achotsedwa ntchito, ndipo aliyense ankadziwerengera yekha ngati ndi iye. Munatiitana tonse Lolemba lina m'mawa, munatsegula buku patsogolo pathu, ndi kutionetsa mmene zinthu zinalili popanda kubisa. Munati malipiro azichedwa masiku ena, ndipo anachedwadi, koma palibe amene achoke. Palibe amene anachoka. Ndalama zathu za penshoni ku NAPSA ndi za inshuwalansi ya zaumoyo ku NHIMA sizinadumphe mwezi, ndipo mnzathu woyendetsa lole mkazi wake atagonekedwa m'chipatala, khadi lake linagwira ntchito.

Ngongole za alimi aja simunazifufute, poti malonda sangayende motero, koma munawapatsa chaka china. Ambiri abweza chaka chino atakolola. Amayi ena a ku Mtenguleni anabwera ndi ndalama zawo atazimanga pa nsonga ya chitenje, napempha kuti akupatseni m'manja mwanu, osati kwa kalaliki. Munali mutapita ku Lundazi tsiku limenelo, ndipo anadikira mpaka madzulo.

Za ine ndekha ndinena mwachidule, chifukwa tsikuli ndi lanu. Munaona kuti ndimatha masamu, munandichotsa pa matumba ndi kundiika pa buku la katundu, ndipo lero makiyi a nyumba yosungiramo katundu ali m'thumba mwanga. Bambo anga atamwalira munatumiza lole kunyamula anthu ndi nkhuni, ndipo inu munafika kumudzi, munakhala pa mphasa pamodzi ndi amayi ena m'nyumba ya siwa. Abale anga amakumbukirabe zimenezo. Mwana wanga woyamba akulemba mayeso a giredi 12 mwezi uno, ndipo fizi yake yonse yachokera pa ntchito imene munandipatsa. Zikomo kwambiri, Amayi.

Anzanga nawonso anandipatsa mawu awo. Atsikana awiri a pa kauntala akuthokoza kuti munawaphunzitsa kufunsa mlimi za munda wake asanamugulitse kanthu: kukula kwake, ngati ndi wa mchenga kapena wa katondo, ndi chimene anabzalamo chaka chatha. Akuti tsopano amatha kufotokoza okha kusiyana kwa feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, ndi chifukwa chake mbewu yocha msanga imathandiza mvula ikakhala yosadalirika. Alonda akuthokoza majekete a m'nyengo yozizira. A ku Katete akuti ndikukumbutseni kuti chaka chilichonse mumawalola kutseka msanga pa tsiku la Kulamba kuti akafike ku Mkaika, monganso mumachitira ndi Angoni athu pa Nc'wala, ndipo sachitenga ngati chinthu chaching'ono.

Tasonkha kangachepe ndi kukugulirani mphatso. Muli chitenje chimodzi chimene anasankha ndi amayi a pa kauntala, thumba laling'ono la mpunga wa ku Chama, ndi tambala amene wachokera kwa anzathu a ku Katete. Tambalayo tamusunga kuseri pamthunzi, ndipo woyendetsa lole adzamutula kunyumba kwanu madzulo mukavomereza. Tikudziwa kuti palibe chimene mukusowa pa zinthu zimenezi. Tapereka monga ana a pakhomo amaperekera kwa mkulu wawo, ndipo tikupempha kuti mulandire ndi manja awiri monga ife taperekera.

Tili ndi pempho limodzi, ndipo mutikhululukire ngati tapyola malire athu. Chiyambire Okutobala mwakhala mukufika tisanatsegule ndi kuchoka kutada, m'kutentha konseku. Lero, ngati n'kotheka, muweruke dzuwa likadalipo kuti mukadye ndi a kunyumba. Lole ya feteleza yochokera ku Lusaka yaimba foni kuti yawoloka mlatho wa Luangwa m'mawa uno, ndipo ikafika ndiilandira ndine. Ndiwerenga matumba onse pamaso pa woyendetsa, ndisainitsa, ndipo buku mulipeza pa tebulo panu mawa m'mawa. Ndalama za lero kalaliki akasungitsa ku banki nthawi isanathe, monga mwa masiku onse. Munatiphunzitsa ntchitoyi mokwanira, ndipo madzulo amodzi tingaigwire bwino lomwe.

Pa nthawi ya tiyi, cha m'ma 10 koloko, tikupempha mphindi zisanu zokha kuti mutulukire pakhonde. Sipakhala zolankhula zambiri. Mnzathu wina, amene ndi mkulu wa mpingo kwawo, apemphera, tiimba nyimbo imodzi, kenako aliyense abwerera pamalo pake alimi asanatope pamzere.

Tikupempherera kuti chaka chimene mwayamba lero chikhale cha mvula yabwino, kuti alimi athu akolole ndipo malonda ayende. Tikupemphereranso thanzi lanu, la Abambo kunyumba, la ana ndi adzukulu. Mutiperekere moni wathu kwa onsewo.

Tsiku labwino lobadwa, Amayi. Ambuye akudalitseni.

Ine wanu mwaulemu,

Tembo
Wosunga katundu, m'malo mwa antchito onse a ku Chipata ndi ku Katete